Madontho 600, magulu asanu: njira zogawira malo okayendera poyesa mapu a zimene zakuta nthaka

Mapu opangidwa kuchokera ku zithunzi za satelayiti amanena kuti apa ndi munda, apo ndi nkhalango, uko ndi madzi. Kuti tidziwe ngati akunena zoona, timasankha madontho pamapupo, anthu n'kupita kukaona ndi maso zimene zili pansi. Koma ndalama zoyendera zimakhala zowerengeka, ndiye funso lalikulu limakhala lakuti madontho ochepawo tiwagawe bwanji pakati pa magulu a pamapu. Kusankha mwamaere dera lonse nthawi imodzi kumasiya magulu ang'onoang'ono pafupifupi opanda kanthu. N'chifukwa chake timayamba tagawa dera m'magulu ake, kenako n'kuchita maere m'gulu lililonse palokha. Zimenezi n'zosavuta. Povuta ndi pa kuchuluka kwa madontho a gulu lililonse, ndipo apa pali njira zinayi zimene anthu amakonda kutsatira.

Kuti tisamangolankhula m'malere, titenge mapu ongoyerekezera a dera la mahekitala 100,000. Minda yatenga 55 peresenti, udzu ndi tchire 25 peresenti, nkhalango 15 peresenti, madzi 3 peresenti, ndipo malo omangidwa nyumba 2 peresenti. Tisanapite kulikonse tiyenera kulosera kuti mapuwa ndi olondola bwanji m'gulu lililonse, kutanthauza kuti mwa madontho 100 amene mapu akuti ndi munda, ndi angati amene tikawapeze alidi munda. Tinene kuti tikuyembekezera 85 pa minda, 75 pa udzu ndi tchire, 90 pa nkhalango, 95 pa madzi ndi 70 pa malo omangidwa. Kulosera kumeneku kumachokera ku mapu akale ofanana nawo kapena ku kaulendo koyeserera. Mukalosera molakwika, zotsatira zanu sizikondera mbali ina ayi. Chimene chimachitika n'chakuti mpata wa chikaiko, ndiko kuti malire amene yankho lenileni likhoza kugweramo, umatuluka wokulirapo kapena wocheperapo kusiyana ndi mmene munafunira.

Chiwerengero cha madontho onse chimachokera ku fomula ya m'buku la William Cochran la 1977, imene Pontus Olofsson ndi anzake anaigwiritsa ntchito m'malangizo awo a 2014 oyesera mapu otere:

```
S_i = sqrt(U_i * (1 - U_i))
n = (sum(W_i * S_i) / SE)^2
```

W_i ndi gawo la dera limene gulu latenga, U_i ndi kulondola kumene talosera, S_i ndi kusakhazikika kwa zotsatira m'gululo, n ndi madontho onse ofunika, ndipo SE ndi kusewera kumene tingalole pa chiwerengero cha kulondola kwa mapu onse. M'chitsanzo chathu, kuphatikiza W_i * S_i kwa magulu asanu kukupereka 0.365. Tikafuna SE ya 0.015, tikupeza madontho 593, amene tingawakweze kufika 600. Tikanafuna 0.01, akanafunika madontho oposa 1,300. Onani kuti kuchepetsa chikaiko ndi theka kumafuna madontho ochuluka kanayi, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuinena poyera pamene eni ndalama akupempha zotsatira zolondola kwambiri pa bajeti yomweyo.

Nazi njira zinayi zija pa madontho 600 omwewo. Mizere iwiri yomaliza ikuonetsa mpata wa chikaiko m'maperesenti pa chitsimikizo cha 95 peresenti, ndiko kuti SE kuchulukitsa ndi 1.96.

| Gulu | Molingana ndi kukula | Mofanana | Njira ya Neyman | Mlingo wapansi |
|---|---|---|---|---|
| Minda | 330 | 120 | 322 | 278 |
| Udzu ndi tchire | 150 | 120 | 178 | 126 |
| Nkhalango | 90 | 120 | 74 | 76 |
| Madzi | 18 | 120 | 11 | 60 |
| Malo omangidwa | 12 | 120 | 15 | 60 |
| Chikaiko pa mapu onse | ±3.0 | ±4.1 | ±2.9 | ±3.2 |
| Chikaiko pa malo omangidwa | ±27 | ±8 | ±24 | ±12 |

Kugawa molingana ndi kukula kwa gulu

Iyi ndi njira imene imabwera m'mutu poyamba: gulu lotenga 55 peresenti ya dera lilandire 55 peresenti ya madontho. Ubwino wake ndi wakuti dontho lililonse likuimira dera lofanana, pafupifupi mahekitala 167, choncho ngakhale munthu atangowerenga madontho olondola n'kugawa ndi 600, yankho lake likhala loona. Pa kulondola kwa mapu onse imachita bwino kwambiri.

Vuto lake lili pa magulu ang'ono. Malo omangidwa alandira madontho 12 okha. Mukapeza kuti 8 mwa 12 ndi olondola munena 67 peresenti, koma dontho limodzi lokha likasintha, chiwerengerocho chilumpha kufika 75. Mpata wa ±27 ukutanthauza kuti zoona zake zikhoza kukhala penapake pakati pa 43 ndi 97 peresenti, zimene sizithandiza munthu aliyense wofuna kudziwa ngati angadalire mapuwa pokonza za malo okhala anthu. Komanso pa madontho ochepa chonchi, masamu enieniwo a mpata wa chikaiko sakhala odalirika. Njirayi ndi yabwino pamene magulu onse ali aakulu ndithu, kapena pamene chofunika ndi chiwerengero chimodzi cha mapu onse.

Kugawa mofanana

Apa gulu lililonse likulandira 120. Anthu ambiri anazolowera njirayi chifukwa cha langizo lakale la Russell Congalton la 1991, lakuti gulu lililonse likhale ndi madontho osachepera 50. Langizolo linkanena za mlingo wapansi, koma ambiri analitenga ngati lamulo lakuti magulu onse afanane. Zimene njirayi imachita bwino zikuoneka patebulo: kulondola kwa gulu lililonse kumadziwika bwino, ndipo malo omangidwa atsika kufika ±8. Ngati ntchito yanu ndi kufuna kudziwa gulu limene makina ogawa mapikiseli, timabwalo ting'onoting'ono timene timapanga chithunzi, akulakwitsa kwambiri, kuti mukonze mapuwo, njirayi ikukwanirani.

Mtengo wake ndi wa mitundu iwiri. Choyamba, madontho 120 apita kumadzi, kumene pafupifupi onse akangotsimikizira zimene tikudziwa kale, pamene minda, yomwe ndi yoposa theka la dera, yatsala ndi 120 yokha. N'chifukwa chake chikaiko pa mapu onse chakwera kufika ±4.1. Chachiwiri n'choopsa kwambiri chifukwa sichioneka. Madontho salinso olemera mofanana: dontho la m'munda likuimira mahekitala 458, la pamalo omangidwa likuimira osakwana 17. Munthu akaiwala zimenezi n'kuwerenga madontho mmene alili, apeza kuti pafupifupi 114 mwa 600 agwera pamadzi enieni, n'kulengeza kuti madzi atenga 19 peresenti ya dera limene madzi ake ndi pafupifupi 3 peresenti. Kulakwitsa kwa madzi kumaoneka msanga, koma kulakwitsa komweko kukalowa m'chiwerengero cha kulondola, palibe amene amakayikira. Mukaona lipoti limene tebulo lake lili ndi ziwerengero za madontho zokha, popanda mzere wa W_i, pomwe madontho anagawidwa mofanana, dziwani kuti kulondola kwa mapu onse ndi kukula kwa magulu zimene zalembedwamo ziyenera kuwerengedwanso.

Njira ya Neyman

Jerzy Neyman anaonetsa mu 1934 kuti chikaiko chimachepa kwambiri ngati gulu lilandira madontho molingana ndi W_i * S_i, ndiko kuti kukula kwake pamodzi ndi kusakhazikika kwake. Papepala ndi njira yopambana, koma taonani phindu lake: ±2.9 poyerekeza ndi ±3.0. S_i sasintha kwambiri pakati pa kulondola kwa 70 ndi kwa 90 peresenti, choncho njirayi imathera pafupi ndi yoyamba ija, ndipo magulu ang'ono amakhalabe ndi njala. Imakonzeranso chiwerengero chimodzi chokha, chimene mwachisankha. Ine sindiona chifukwa choivutikira ngati cholinga chili kulondola kwa mapu onse. Imakhala ndi phindu lenileni pamene cholinga chili kukula kwa gulu limodzi, ndipo tifika pamenepo posachedwa.

Mlingo wapansi, otsala molingana ndi kukula

Malangizo a 2014 aja amalimbikitsa kupatsa magulu osowa madontho apakati pa 50 ndi 100, kenako n'kugawa otsala kwa magulu aakulu molingana ndi kukula kwawo. M'chitsanzo chathu madzi ndi malo omangidwa alandira 60 lililonse, ndipo 480 otsala agawidwa pa 55, 25 ndi 15. Tataya pang'ono chabe pa mapu onse, kuchoka pa ±3.0 kufika ±3.2, koma pa malo omangidwa tatsika kuchoka pa ±27 kufika ±12. Pa ntchito zambiri, zimene zikufuna kulondola kwa mapu onse, kwa gulu lililonse, komanso kukula kwa magulu, iyi ndiyo njira yoyambira. Munthu akhoza kuisintha pang'ono. Madzi, amene tikuyembekezera kuti ndi olondola 95 peresenti, akhoza kukhala ndi 50, ndipo 10 otsalawo apite ku malo omangidwa. Chofunika ndi kuyesa magawidwe atatu kapena anayi pa kompyuta musanatulutse galimoto, n'kuona mpata wa chikaiko umene iliyonse ikupereka pa chiwerengero chimene mukuchifunadi.

Gulu laling'ono lobisala m'gulu lalikulu

Pali chinthu chimodzi chimene tebulo lija silikuonetsa, ndipo ndi chimene chimagwetsa ntchito zambiri. Tinene kuti mwatsata njira yachinayi, anthu apita ndipo abwerako. Mwa madontho 60 a malo omangidwa, 42 apezeka kuti alidi nyumba. Zimenezi zikupereka mahekitala 1,400 mwa 2,000 amene mapu ananena. Koma mwa madontho 278 a m'minda, asanu apezeka kuti agwera pa nyumba zimene mapu sanazione, mwina chifukwa ndi zomwazikana kapena madenga ake akufanana ndi dothi louma. Dontho lililonse la m'minda likuimira mahekitala pafupifupi 198, choncho madontho asanuwo akuwonjezera mahekitala 989. Malo omangidwa onse ndi pafupifupi mahekitala 2,390, ndipo mapu anagwira 59 peresenti yokha ya malo amenewa, ngakhale kuti kulondola kwa gululo pamapu kunali 70 peresenti. Ziwerengero ziwirizi zikuyankha mafunso osiyana: china chikuti mapu akanena kuti nyumba, amanena zoona kangati, china chikuti nyumba zimene zilipodi, mapu anaona zingati.

Tsopano onani kumene chikaiko chikuchokera. Madontho 60 a m'gulu la malo omangidwa akubweretsa SE ya mahekitala pafupifupi 119. Madontho asanu a m'minda aja akubweretsa 439. Zonse pamodzi, mpata wa chikaiko ndi mahekitala pafupifupi ±890 pa 2,390. Ngakhale mutawirikiza kawiri madontho a malo omangidwa, mpatawo sungasunthe kwenikweni, chifukwa vuto silili kumeneko. Kugawa mofanana kukanaipitsa zinthu, popeza dontho limodzi lotere likanalemera mahekitala 458. Apa ndiye pamene munthu amadabwa: kuti udziwe bwino kukula kwa gulu laling'ono, nthawi zambiri umafunika madontho ambiri m'gulu lalikulu loyandikana nalo. Njira ya Neyman ikagwiritsidwa ntchito pa funso limeneli, ndi S_i wowerengedwa kuchokera ku gawo la nyumba m'gulu lililonse, imanenanso chimodzimodzi.

Mankhwala otchipa ndi kudula gulu lina lapadera, la m'mphepete. Nyumba zimene mapu aphonya sizimwazikana paliponse mofanana. Zambiri zimakhala pafupi ndi zimene mapu anaona. Ndiye mumatenga mapikiseli a minda amene ali pafupi ndi malo omangidwa, mwachitsanzo osapitirira mamita 90, omwe ndi mapikiseli atatu a satelayiti ya Landsat a mamita 30, n'kuwapanga gulu lachisanu ndi chimodzi lokhala ndi W_i yake ndi madontho ake. Ngati lamba ameneyu ali mahekitala 3,000 ndipo mwamupatsa madontho 50, dontho lililonse lake likuimira mahekitala 60 m'malo mwa 198. Nyumba zophonyedwa zambiri zikagwera mmenemo, chikaiko chimatsika kwambiri. Lamba akakhala wopyapyala kwambiri sagwira kanthu, akakhala wotambalala kwambiri madontho ake amalemeranso. Ndipo ayenera kudulidwa maere asanachitike. Kumudula mutaona kale kumene madontho olakwika agwera ndi kudzinamiza. Dziwaninso kuti magulu ogawira madontho akasiyana ndi magulu a pamapu chonchi, masamu omaliza ayenera kutsata magulu ogawirawo.

Kuchita maere enieniwo

Mbali iyi ndi yachangu. Mu Google Earth Engine ndi mizere yochepa:

```
var madontho = mapu.stratifiedSample({
  numPoints: 0, classBand: 'gulu',
  classValues: [1, 2, 3, 4, 5],
  classPoints: [278, 126, 76, 60, 60],
  region: dera, scale: 30, seed: 42, geometries: true
});
```

Mu QGIS muli AcATaMa, ndipo mu R muli `spatSample` ya `terra`. Lembani nambala ya `seed`, imene imachititsa kuti maere atuluke chimodzimodzi akabwerezedwa, ndi kuchuluka kwa mapikiseli a gulu lililonse, chifukwa popanda zimenezi palibe amene angabwereze masamu anu. W_i awerengedwe pa mapu amene mapikiseli ake ali ndi kukula kofanana pansi. Mapu osungidwa m'madigiri amakuza malo akutali ndi mzere wa pakati pa dziko.

Mapulogalamu ena amapereka mwayi wochotsa mapikiseli a m'malire a magulu, kuti madontho agwere pakati pa munda kapena pakati pa nkhalango pokha. Anthu amakopeka nazo chifukwa kachipangizo ka m'manja kolozera malo kamaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu, ndipo pansi pa mitengo yothithikana kamaphonya kuposa apo, pomwe pikiseli ya satelayiti ya Sentinel-2 ndi ya mamita 10 okha. Koma m'malire ndi mmene mapu amalakwitsa kwambiri. Mukawachotsa, mwayesa mbali yosavuta yokha ya mapu, ndipo kulondola kumatuluka kokwera mwachinyengo. N'kwabwino kusiya madonthowo, wopita kumalo n'kulemba gulu lalikulu m'pikiseliyo, gulu lachiwiri ngati lilipo, ndi mmene akudzidalirira pa zimene walemba. Asauzidwenso zimene mapu akunena pa dontholo, chifukwa munthu akauzidwa kuti akupita ku nkhalango, tchire lokhuthala amaliona ngati nkhalango. Madontho amene anagwiritsidwa ntchito pophunzitsa makina opanga mapu asalowe m'gulu loyesera.

Dontho likagwera kosafikika

Maere sadziwa msewu. Madontho ena agwera pakati pa dambo lodzaza madzi, pamwamba pa phiri, kapena m'malo amene eni ake akana. Zimene gulu lotopa limachita mwachibadwa ndi kuima pamene galimoto yathera n'kulemba zimene likuona pamenepo. Iyi ndi njira yoipa kuposa zonse, chifukwa malo a m'mbali mwa msewu amasiyana ndi akutali: minda ndi nyumba zimachuluka, nkhalango yake ndi yodulidwadulidwa. Mungazindikire kuti zachitika poyerekeza malo amene kachipangizo kanalemba ndi malo amene maere anasankha. Ngati kusiyana kuli mamita mazanamazana ndipo kukuloza kumsewu, madontho amenewo si amene munasankha.

Njira yabwino kwambiri ndi kusunga dontholo pamalo ake, n'kuliona pa zithunzi zooneka bwino za nthawi yofanana ndi ya mapu, mwachitsanzo kudzera mu Collect Earth ya bungwe la FAO. Izi zimayenda bwino pa madzi, nyumba ndi nkhalango yothithikana, koma zimavuta posiyanitsa munda wogonera ndi udzu. M'chitsanzo chathu, madontho 60 a madzi pafupifupi onse angathe kuonedwa motere, masiku oyendera n'kupita ku minda ndi tchire kumene maso a munthu amafunikadi. Njira ina ndi kukonzeratu mndandanda wa madontho apadera m'gulu lililonse, osanjidwa mwamaere, ndipo wopita kumalo azitenga lotsatira pamndandanda, osati lapafupi. Mndandandawo umabwezera chiwerengero cha madontho, koma suchotsa vuto lonse: malo osafikika amakhalabe osaimiridwa, choncho lembani kuti m'gulu lililonse ndi angati amene analephereka. Awiri mwa 76 a nkhalango si nkhani. Akafika 20, zotsatira zanu zikunena za nkhalango yofikika yokha, ndipo lipoti liyenera kunena zimenezo.

Ena amasankhiratu madontho m'malo osapitirira makilomita awiri kuchokera kumsewu. N'zololedwa, bola W_i awerengedwe m'lamba yemweyo ndipo zotsatira zisatchedwe za dera lonse. Ngati vuto lalikulu ndi mtunda, ganizirani zosankha m'magawo awiri: dulani dera m'mabwalo, mwachitsanzo a makilomita 5 mbali iliyonse, sankhani mabwalo ena mwamaere, kenako chitani maere a magulu m'kati mwa mabwalo osankhidwawo. Gulu loyenda limafika madontho angapo pa ulendo umodzi. Koma madontho oyandikana amakonda kulakwika mofanana, choncho madontho 600 a m'mabwalo sapereka chidziwitso chofanana ndi 600 omwazikana, ndipo fomula ya SE ya pamwamba ija sigwiranso ntchito. Pamafunika ya magawo awiri. Gulu losowa ngati malo omangidwa likhozanso kusapezeka m'mabwalo ambiri, ndiye mabwalowo nawonso ayenera kugawidwa, okhala ndi nyumba paokha ndi opanda nyumba paokha, maere oyamba asanachitike. Mabwalo ambiri okhala ndi madontho ochepa lililonse amapereka chikaiko chochepa kuposa mabwalo ochepa odzaza madontho.